Kodi mu khofi wa dikafu mumatsala kafeini wochuluka bwanji?

Funso: "Ndimamwa makapu anayi a khofi pa tsiku. Masiku ano tulo sindikupeza bwino ndipo nthawi zina mtima umandithamanga, choncho adokotala andiuza kuti ndichepetse kafeini. Ndagula khofi wa dikafu, koma mnzanga akuti ameneyu amamutsuka ndi mankhwala oopsa, komanso kuti kafeini amakhalamobe. Kodi amamupanga bwanji, nanga m'kapu imodzi mumatsala wochuluka bwanji?"

Yankho: Mnzanuyo sananame ponena kuti kafeini amatsalamo, koma amatsala pang'ono kwambiri. Kapu ya mamililita pafupifupi 240 ya khofi wamba imakhala ndi kafeini wapakati pa mamiligalamu 80 ndi 100. Kapu yomweyo ya dikafu imakhala ndi mamiligalamu apakati pa 2 ndi 15, malinga ndi bungwe la FDA loona za chakudya ndi mankhwala ku America, ndipo makapu ambiri amagwera cha kumunsi kwa mlingo umenewu. Ndiye mawu akuti dikafu muziwamva kuti "wochepetsedwa kwambiri", osati "wopandiratu". Chimene ndikufuna kuti mutuluke nacho pano ndi luso lowerengera nokha kapu yanu, chifukwa kusiyana kwa 2 ndi 15 sikungochitika mwamwayi. Kuli ndi zifukwa zake, ndipo zambiri mwa zifukwazo zili m'manja mwanu.

Tiyambire pa njere. Kafeini samuchotsa mu khofi wophika kale, ndiponso samuchotsa mu njere zokazinga. Ntchito yonse imachitika njere zikadali zaziwisi, zobiriwira, zolimba ngati timiyala, zisanaone moto. Chifukwa chake n'chakuti fungo ndi kukoma kumene timakonda kumabadwa pokazinga, ndipo mutati munyike njere zokazinga m'madzi kwa maola ambiri, mwaphika kale khofi n'kumutaya. Njere yaiwisi ili ndi shuga, zowawasa, mafuta ndi zina zambiri zimene zidzasanduke kukoma pa moto. Vuto la wopanga dikafu ndi limodzi lokha: atulutse bwanji kafeini, zinazo zitsale. Kafeini amasungunuka msanga m'madzi otentha, koma zinthu zokometsera zambiri zimasungunukanso m'madzi omwewo. Njira zonse zimene ndifotokoze ndi mayankho osiyanasiyana a vuto lomweli.

Njira zonsezi zimayamba mofanana. Njere yaiwisi youma imakhala ndi chinyezi cha maperesenti 10 mpaka 12, ndipo kafeini amakhala atamangika mkati mwake. Amayamba aifewetsa ndi nthunzi kapena madzi otentha mpaka itafufuma n'kumwa madzi ambiri. Ikafufuma, timipata take timatseguka, kafeini amamasuka n'kuyamba kuyenda kuchoka pakati pa njere kupita kunja. Akatero ndi pamene pamabwera chokoka kafeiniyo. Pomaliza amaumitsanso njerezo kuti zibwerere pa chinyezi chake chakale.

Amene anayamba kugulitsa khofi wotere anali Ludwig Roselius, wamalonda wa mumzinda wa Bremen ku Germany, yemwe anatsegula kampani ya Kaffee HAG mu 1906. Iye ankachotsa kafeini ndi mankhwala osungunula otchedwa benzini. Masiku ano tikudziwa kuti benzini amayambitsa khansa, ndipo anasiya kalekale kumugwiritsa ntchito pa khofi. Ndikukhulupirira kuti mantha ambiri amene anthu ali nawo pa dikafu anachokera kumeneko, ndipo sindiwanyoza, chifukwa anali ndi maziko. Kungoti zimene zikuchitika lero ndi zina.

Njira yofala kwambiri lero ndi ya mankhwala osungunula, ndipo mankhwala ake ndi awiri: methilini kuloraidi ndi ethilo asiteti. Njere zikafufuma ndi nthunzi, amazitsuka ndi mankhwalawo mobwerezabwereza kwa maola pafupifupi 10. Ulendo uliwonse mankhwalawo amatuluka atanyamula kafeini, amawachotsa, n'kuthiramo ena atsopano, mpaka mlingo wa kafeini utatsika kufika pamene akufuna. Kenako amapititsamonso nthunzi kwa nthawi yaitali kuti mankhwala otsalira auluke. Ena salola kuti mankhwala akhudze njere. Amanyika njere m'madzi otentha, amapatula madziwo, amachotsa kafeini m'madzimo ndi mankhwala, amawatenthetsa kuti mankhwala auluke, kenako n'kubwezera madziwo ku njere kuti zimwenso kukoma kwake.

Apa ndi pamene pali nkhawa ya mnzanu, ndiye tiimepo. Methilini kuloraidi si chinthu chosewera nacho. Munthu wopuma nthunzi yake yambiri amadwala, ndipo akatswiri amamuika m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kuti zingayambitse khansa. Ogwira ntchito m'fakitale ayenera kutetezedwa. Koma funso la inu womwa ndi lina: amatsala wochuluka bwanji mu njere? Mankhwalawa amawira n'kuuluka pa madigiri 40 okha, kutentha kongopitirira pang'ono kwa thupi la munthu. Ethilo asiteti amawira pa madigiri 77. Njere zikachoka pa nthunzi zimaumitsidwa, kenako zimakazingidwa pa madigiri opitirira 200, kenako inu mumazithira madzi otentha. Malamulo nawonso anaika malire. Ku America methilini kuloraidi wotsalira sayenera kupitirira mamiligalamu 10 pa kilogalamu ya khofi, ndipo ku mayiko a mgwirizano wa Ulaya malire ake ndi mamiligalamu 2 pa kilogalamu ya khofi wokazinga. Poti kapu imodzi imadya magalamu 10 okha a khofi, ngakhale khofi atafika pa malire enieniwo a ku America, zotsala mu ufa wa kapu yanu zingakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a miligalamu, madzi otentha asanauluzenso zina. Ine sindiopa kumwa khofi wotere. Komabe pali anthu amene akufuna kuti mankhwalawa aletsedweretu pa zakudya, ndipo ngati mtima wanu sukukhazikika nawo, palibe chifukwa chodzikakamiza, poti njira zina zilipo.

Ethilo asiteti amapezeka mwachilengedwe mu zipatso zakupsa, ndipo ku Colombia amamupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. N'chifukwa chake pa mapaketi ena amalemba kuti khofiyo anachotsedwa kafeini ndi njira ya nzimbe kapena mwachilengedwe. Musapusitsike ndi mawuwo kuganiza kuti njere anazinyika m'madzi a nzimbe. Ndi mankhwala osungunula ndithu, ndipo amagwira ntchito mofanana ndi ethilo asiteti wopangidwa m'fakitale. Nthawi zambiri khofi wake amamveka kafungo kotsekemera ngati ka chipatso, kamene ena amakakonda, ena ayi.

Njira imene imandisangalatsa kuifotokoza ndi ya madzi okhaokha, chifukwa nzeru yake ndi yokongola. Yodziwika kwambiri ndi Swiss Water, imene maganizo ake anayambira ku Switzerland m'zaka za m'ma 1930, ngakhale fakitale yake lero ili ku Canada, pafupi ndi Vancouver. Taganizirani madzi amene mwasungunulamo mchere mpaka akhuta, osathanso kulandira wina. Mukaponyamo chinthu chamchere, mchere wake sutuluka, chifukwa madziwo alibe malo. Koma ngati chinthucho chili ndi shuga, shugayo amatuluka, poti madziwo alibe shuga. Opanga dikafu amachita zomwezo. Amayamba anyika njere zaziwisi m'madzi otentha mpaka zonse zosungunuka zitatulukamo, kafeini ndi zokometsera zomwe. Madziwo amawadutsitsa m'sefa ya makala okonzedwa mwapadera, amene amagwira kafeini n'kusiya zina zambiri zidutse. Njere zoyambazo zatha ntchito, koma madzi otsalawo ndiwo chuma: akhuta zokometsera za khofi, koma alibe kafeini. Tsopano akanyikamo njere zatsopano, zokometsera zilibe kolowera, choncho zambiri zimakhala mu njere momwemo, koma kafeini amatuluka chifukwa madziwo ali ndi njala ya iye yekha. Madziwo amazungulira pakati pa njere ndi makala kwa maola 8 mpaka 10, ndipo ulendo uliwonse amabwerera ali opanda kafeini, okonzeka kukokanso wina.

Onani chinthu chimodzi pamenepa, chifukwa ndicho chikuyankha funso loti bwanji samuchotseratu yense. Poyamba kafeini amatuluka mothamanga, popeza mu njere ndi wambiri ndipo kunja kulibe. Akamachepa, liwiro lake limachepanso. Zili ngati kuchapa nsalu yothimbirira ndi utoto: madzi oyamba amatuluka akuda bii, achiwiri oderako, achikhumi ooneka ngati oyera, koma katoto kena kamakhalabe mu ulusi. Kuti muchotse kotsalako muyenera kuchapa nthawi yaitali kwambiri, ndipo nsalu imayamba kutha. Njere nayonso ikakhalitsa m'madzi kapena m'mankhwala imataya kukoma ndipo mtengo wopangira umakwera. Ndiye opanga amaima pamene malamulo akhutira ndipo khofi akadali khofi.

Njira yachitatu ndi ya mpweya wa kaboni dayokisaidi, womwe uja umathwanima mu zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anaitulukira Kurt Zosel, wasayansi wa ku Max Planck Institute ku Germany. Mpweyawu ukatenthedwa kupitirira madigiri 31 n'kupanikizidwa kuposa maulendo 73 a mphamvu ya mpweya wotizungulira, umakhala pakatikati: umalowerera paliponse ngati mpweya, koma umasungunula zinthu ngati madzi. M'mafakitale amaupanikiza kwambiri kuposa pamenepo, m'matanki achitsulo ochindikala. Ubwino wake ndi wakuti umasankha: umanyamula kafeini n'kusiya shuga ndi zomanga thupi za mu njere. Akachepetsa mphamvu yopanikiza, mpweya umangouluka osasiya kanthu. Makina ake ndi okwera mtengo, choncho njirayi imapindulitsa amene akupanga khofi wochuluka kwambiri. Kafeini wochotsedwayo satayidwa, amagulitsidwa kwa opanga zakumwa ndi mankhwala.

Mutaika njere zaziwisi wamba ndi za dikafu m'manja awiri, simungalephere kuzisiyanitsa. Wamba ndi zobiriwira motuwira ndipo zimanunkhira ngati udzu wouma. Za dikafu ndi zoderako, zina zofiirira ngati zayamba kale kupsa, khungu lake losawala. Wokazinga amene amadalira maso okha amasokonezeka nazo, chifukwa mtundu umamunamiza kuti zapsa pamene mkati zisanafike, ndipo kuthetheka kumene njere zimachita zikamapsa kumamveka motsika. Njerezi zimatulutsanso mafuta msanga ndipo zimaguga msanga zikakazingidwa. Dikafu wambiri amene anthu amati ndi wozizira kapena wonunkha utsi analakwika pamenepa, kapena anapangidwa ndi njere zachabechabe kuyambira pachiyambi. Kafeini mwiniwake amangowonjezera kuwawa pang'ono. Si iye mwini kukoma kwa khofi. Ndinenenso kuti moto sutentha kafeini. Anthu ena amaganiza kuti khofi wokazinga kwambiri mpaka kuda ndiye wopanda mphamvu, ena amati ndiye wamphamvu zedi, koma zoona n'zakuti kafeini amapirira kutentha kwa kukazinga ndipo amasintha pang'ono chabe.

Tsopano tiwerengere kapu yanu. Pali mitundu iwiri ikuluikulu ya khofi. Arabika amakhala ndi kafeini pafupifupi maperesenti 1.2 a kulemera kwake, pamene robusita amakhala ndi pafupifupi 2.2, kuyandikira kuwirikiza kawiri. Tinene kuti mumathira magalamu 10 a ufa pa kapu, omwe ndi ngati masipuni akulu awiri osasefukira. Mu arabika wamba, magalamu 10 amenewa ali ndi mamiligalamu 120 a kafeini. Si onse amene amalowa m'madzi, koma ambiri amalowa, n'chifukwa chake kapu wamba imafika cha m'ma 100.

Ku America mlingo umene amayendera ndi wakuti dikafu akhale atachotsedwa maperesenti 97 a kafeini amene analimo. Otsala ndi maperesenti 3. Pa arabika wathu uja, maperesenti 3 a 120 ndi mamiligalamu 3.6. Koma njere zikakhala za robusita, magalamu 10 anayamba ndi mamiligalamu 220, ndipo maperesenti 3 ake ndi 6.6. Mapaketi onse awiri alembedwa dikafu, onse atsatira mlingo womwewo, koma wina ali ndi kafeini pafupifupi kuwirikiza mnzake, chifukwa mlingowo ukuyang'ana gawo lochotsedwa, osati chotsalacho.

Ku Ulaya lamulo limayang'ana chotsala. Khofi wokazinga wa dikafu asapitirire 0.1 peresenti ya kafeini pa kulemera kwake, kutanthauza miligalamu imodzi pa galamu iliyonse. Magalamu 10 anu aja sangapitirire mamiligalamu 10. Khofi wosungunuka, uja wongothira m'madzi otentha n'kutakasa, malire ake ndi 0.3 peresenti. Zikumveka ngati zambiri, koma kumbukirani kuti wosungunuka mumathira wochepa: sipuni yaing'ono yodzaza ndi magalamu pafupifupi 2, ndiye malire ake ndi mamiligalamu 6 pa kapu. Mukathira masipuni awiri, malirewo afika 12.

Samalaninso ndi nambala ya 99.9 peresenti imene imalembedwa pa mapaketi. Ikhoza kumveka pawiri. Ngati ikutanthauza kuti maperesenti 99.9 a kafeini achotsedwa, ndiye kuti m'kapu mwatsala kachigawo kochepera miligalamu imodzi. Koma ngati ikutanthauza kuti maperesenti 99.9 a kulemera kwa khofiyo si kafeini, ndiye ndi malire omwe aja a ku Ulaya, ndipo kapu ingafike mamiligalamu 10. Ine ndikaona nambalayi ndimaitenga m'tanthauzo lachiwirili, kuti ngati ndalakwa ndilakwire mbali yosamala.

Mwaona kuti zonsezi zikuyenda ndi magalamu a ufa, osati kuchuluka kwa madzi. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Munthu akasamukira ku dikafu, kawirikawiri amaona ngati khofi wake wachepa mphamvu mkamwa, ndiye amayamba kuwonjezera ufa. Masipuni awiri amasanduka anayi, kapu yaing'ono imasanduka chikapu chachikulu. Magalamu 20 a dikafu wa robusita ali ndi mamiligalamu opitirira 13. Kuthira madzi ambiri kapena mkaka sikuchotsa kafeini, kumangomumwaza; mukamaliza kapu yonse, mwamwa yense. Ofufuza a ku University of Florida anayeza dikafu wa m'malo ogulitsira khofi osiyanasiyana mu 2006. M'makapu aakulu a pafupifupi theka la lita anapeza kuyambira wosapezeka n'komwe mpaka pafupifupi mamiligalamu 14, ndipo m'timakapu ta dikafu wa esipuleso, khofi wamphamvu amene amamwedwa pang'ono chabe, anapeza kuyambira 3 mpaka pafupifupi 16. Esipulesoyo anali wa malo amodzi, koma timakapu tinasiyana chonchi.

Ndiye tsiku lanu likuoneka bwanji? Makapu anayi a khofi wamba ndi mamiligalamu pafupifupi 400, omwe ndi malire amene mabungwe a zaumoyo ku America ndi ku Ulaya amati munthu wamkulu wathanzi asamapitirire pa tsiku. Munali pamalire penipeni, ndipo thupi lanu likuoneka kuti silikugwirizana nawo malirewo, zomwe si zachilendo, poti anthu timasiyana kwambiri pa liwiro limene chiwindi chimaphwanyira kafeini. Makapu anayi a dikafu wa arabika, magalamu 10 iliyonse, ndi mamiligalamu pafupifupi 15 tsiku lonse. Titatenga zoipitsitsa, kuti kapu iliyonse ili ndi 15, tsiku lonse ndi 60. Poyerekeza, kapu imodzi ya tiyi wakuda imakhala ndi 40 mpaka 50. Choncho pa tsiku labwinobwino makapu anu anayi a dikafu safika ngakhale theka la kapu imodzi ya tiyi.

Za tulo zimamveka bwino tikaona mmene kafeini amachokera m'thupi. Mwa munthu wamkulu wathanzi, pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka la kafeini lichoke m'magazi. Mukamwa kapu wamba ya mamiligalamu 100 nthawi ya 4 koloko madzulo, pofika 9 koloko usiku mukadali ndi 50, ndipo 2 koloko usiku mukadali ndi 25, osawerengera otsalira a makapu a m'mawa. Kapu ya dikafu ya mamiligalamu 5 yomwedwa 8 koloko usiku ikukupatsani gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene kapu ya madzulo ija inkakusiyirani pogona. Kwa anthu ambiri mlingo umenewu sumveka n'komwe. Mwa amayi oyembekezera kafeini amakhalitsa kwambiri m'thupi, makamaka miyezi yomaliza, ndipo malangizo ofala ndi osapitirira mamiligalamu 200 pa tsiku. Dikafu amakwana bwino pansi pa malire amenewo. Mankhwala ena, monga mapiritsi olerera ndi ena opha tizilombo, amachedwetsanso kuchoka kwa kafeini, ndiye ngati mukumwa mankhwala aliwonse, awuzeni adokotala za khofi wanu.

Chimene ndimaopa kwambiri kwa munthu ngati inu si mamiligalamu 4 otsala mu njere, koma kusakanikirana. Taganizirani chopera khofi chimene m'mawa chinapera khofi wamba. Mkati mwake, m'mano ndi m'ngodya, mumatsalira ufa. Magalamu 2 okha a arabika wamba ali ndi mamiligalamu 24 a kafeini. Akasakanikirana ndi dikafu wanu, kapu imene inayenera kukhala ndi 4 yafika pafupi ndi 28, ndipo maso anu sangaone kusiyana kulikonse. Ndinaonapo pamalo ena ogulitsira khofi, nthawi ya chipwirikiti, wogulitsa akuthira njere za dikafu m'chopera chimene anali atangoperamo khofi wamba, osachikutumula ngakhale pang'ono, ndipo womwayo anachoka akukhulupirira kuti wamwa dikafu weniweni. Sanachite dala, koma zotsatira zake kwa munthu wa mtima wothamanga n'zomwezo. Malo osamala amakhala ndi chopera chapadera cha dikafu, ndipo si mwano kufunsa. Kunyumba, ngati muli ndi chopera chimodzi, chipukuteni ndi kabulashi, perani njere zochepa za dikafu n'kutaya ufa woyambawo, kenako perani zanu. Zitini zikhale zolembedwa bwino, chifukwa ufa wa dikafu ndi wamba umafanana, ndipo lilime silodalirika pa nkhaniyi. Mukamwa kapu imene mukuti ndi dikafu, ndiye pakatha mphindi 30 mpaka ola limodzi manja ayamba kunjenjemera ndipo mtima ukugunda ngati kale, kaikirani kaye kusakanikirana musanaweruze dikafu yense.

Musasinthe zonse tsiku limodzi. Thupi lozolowera mamiligalamu 400 likangolandira 15 mwadzidzidzi limadandaula: mutu umayamba kuwawa pakatha maola 12 mpaka 24, mumamva kufooka ndi kunyong'onyeka, zimafika poipa tsiku lachiwiri, ndipo zimatha kupitirira mpaka sabata kapena kuposerapo pang'ono. Anthu ambiri amafika apa n'kunena kuti dikafu wawadwalitsa, kapena kuti ndi mankhwala aja, pamene chikuwapweteka ndi kusowa kwa kafeini. Pokhapokha ngati adokotala anena kuti musiyiretu lero lomwe, yambani ndi kusintha kapu yomaliza ya tsiku, chifukwa ndiyo ikuba tulo. Pakatha masiku atatu kapena anayi sinthani yachitatu, kenako yachiwiri. Ya m'mawa mukhoza kuisakaniza theka wamba theka dikafu, zomwe zikupatsani mamiligalamu pafupifupi 50, musanaisinthiretu. M'masabata awiri mukhala mutatsika popanda mutu kukusautsani kwambiri.

Dziwaninso zimene dikafu sangakonze. Ngati khofi amakupatsani kutentha pamtima kapena kukuwawitsani m'mimba, dikafu akhoza kuchitabe zomwezo, mwina mocheperako, chifukwa si kafeini yekha amene amachititsa mimba kutulutsa asidi. Mafuta a khofi amene amakweza kolesitolo mwa omwa khofi wosasefa amakhalamobe mu dikafu, ndipo sefa ya pepala ndiyo imawagwira. Ndipo kafeini ali ndi makomo ena olowera: tiyi, zakumwa za kola, zakumwa zopatsa mphamvu, chokoleti chakuda, ngakhale mapiritsi ena a mutu ndi chimfine. Munthu akhoza kusiya khofi wamba n'kuyamba kumwa makapu atatu a tiyi, osadziwa kuti wabweza mamiligalamu opitirira 100.

Mukabwerera kwa adokotala, afunseni mwachindunji ngati akutanthauza kuchepetsa kapena kusiyiratu, ndipo muwapatse manambala: makapu anayi a dikafu, mamiligalamu 15 mpaka 60 pa tsiku. Ngati ndi kuchepetsa, dikafu wakwaniritsa kale zimenezo. Ngati ndi kusiyiratu, mwina chifukwa cha vuto linalake la kagundidwe ka mtima kapena kuyeza kwina kwa mtima kumene kumafuna kuti musamwe kafeini kwa maola angapo musanayezedwe, ndiye dikafu nayenso ayenera kudikira, ndipo chakumwa chanu chikhale chimene sichinakhalepo ndi kafeini chiyambire, monga tiyi wa rooibos kapena chakumwa cha mizu yokazinga ya chomera chotchedwa chikore chosasakaniza ndi khofi. Ndipo ngati mwatsitsa kafeini kwa masabata awiri kapena atatu koma mtima ukuthamangabe, kapena ukubwera ndi chizungulire, kubanika kapena kupweteka pachifuwa, musadikire tsiku limene munapangana. Pitani akakupimeni, chifukwa pamenepo mwina gwero lake silili m'kapu.